Utomoni wa papaya losapsa umafewetsa nyama, nanga matumbo athu umawasiya bwanji?

Mkangano wake unayambira pa tambala. Pa Khirisimasi yapitayi kwathu tinapha tambala wachikuda yemwe anali atalira m'mudzimo zaka zambiri, ndipo aliyense ankadziwa kuti nyama yake ikhala ngati lamba. Azakhali anatuma mwana kuti akathyole papaya laliwisi kuseri kwa khitchini. Analipala ndi mpeni, n'kupaka zopalazo pa nthuli za tambalayo. Mlamu wanga, yemwe anangobwera kudzadya nafe chikondwerero, anaima chapatali akuyang'ana ndi diso lokayika.

"Azakhali, chinthu chosungunula nyama ya tambala chingasiye bwanji matumbo anga? Matumbowo si nyamanso?"

"Mwanawe, ine ndadya zimenezi kuyambira ndili mtsikana. Matumbo anga ndi omwewa," anayankha motero azakhali, osatukula ndi mutu womwe.

Chodabwitsa n'chakuti azakhali omwewo, atangotha kunena zimenezi, anauza mpongozi wawo woyembekezera kuti asayandikire mbale ya zopalazo, ndipo anamupatulira nthuli zake zosapaka kanthu. Apa mlamu uja anaseka, amvekere, "Ndiye n'chabwino kapena n'choipa?" Funso lake linali lanzeru, ndipo yankho lake lagona pa chinthu chimodzi chimene chili mu utomoni woyera uja wotuluka papaya likakandika.

Chimene chili mu utomoni woyerawo

Mukakanda khungu la papaya lobiriwira ndi chikhadabo, pamatuluka timadontho toyera ngati mkaka, ndipo pakangopita mphindi zochepa timaundana. Mu utomoni umenewu muli gulu la maenzayimu. Enzayimu ndi kanthu kamene zamoyo zimapanga kuti kafulumizitse kusintha kwa zinthu, iko kosatha nawo. Mwa maenzayimu a m'papaya, wotchuka kwambiri ndi papayini, ngakhale kuti sali yekha. Ali ndi abale ake ogwira ntchito yofanana, monga kaimopapayini. M'nkhani ino ndikamati papayini, nthawi zambiri ndikunena banja lonselo, chifukwa m'khitchini palibe amene amawasiyanitsa.

Amene anafululapo thobwa enzayimu amaidziwa kale, kungoti sanaitchulepo dzina. Mumaphika phala lolimba, mumaliphula, mumadikira kuti lizizireko, kenako mumathira chimera. Posakhalitsa phala lija limasungunuka n'kuyamba kutsekemera. Chimene chachitika n'chakuti maenzayimu a m'chimera adula sitachi wa m'ufa kukhala tizidutswa ta shuga. Ndipo mayi aliyense wodziwa thobwa angakuuzeni kuti mukathira chimera phala lili gwadugwadu pamoto, mwataya chimera chanu. Sungani mfundo imeneyi, tiifunanso kutsogoloku.

Papayini amagwira ntchito ngati chimera, koma iye sakhudza sitachi. Chakudya chake ndi mapuloteni.

Mtengowo sunapange utomoniwu pofuna kutithandiza kuphika. Ndi chida chake chodzitetezera ku tizilombo. Mu 2004 akatswiri a ku Japan anasonyeza kuti mbozi zina zikadya masamba a papaya okhala ndi utomoni zimapinimbira kapena kufa, koma masamba omwewo akawatsuka utomoni wonse, mbozizo zimadya n'kumakula bwinobwino. N'chifukwa chakenso utomoni umachuluka chipatso chikadali chanthete, nthangala zisanakhwime. Chikapsa, mtengo umafuna kuti mbalame ndi anthu adye n'kukamwaza nthangala, ndiye utomoni uja umauma. Papaya lofiira bwino mukalikanda simuona mkaka.

Mmene amadulira mapuloteni

Puloteni ili ngati mkanda wautali. Timikanda take timatchedwa maamino asidi, ndipo tilipo ta mitundu 20. Thupi limatitunga pa ulusi umodzi, mazanamazana, kenako mkandawo umapindika n'kupanga mpukutu wa maonekedwe akeake. Mnofu wa nyama ndi mikanda yotereyi yolukanalukana. Tiulusi toyera tolimba timene timakana mano pa nyama ya ng'ombe yokalamba timapangidwanso ndi puloteni ina yotchedwa kolajeni, yomwe imapotedwa katatu ngati chingwe cha khonje. Nyama ikamakula, zingwezi zimamangana kwambiri, n'chifukwa chake tambala wakale amalimba kuposa nkhuku yoyera ya masabata asanu ndi limodzi.

Papayini nayenso ndi puloteni, mkanda wa timikanda 212 wopindika mbali ziwiri, pakati pake n'kusiya kampata. Mkanda wa nyama ukalowa m'kampatako, kamkanda ka nambala 25, kamene kali ndi salifa, kamagwira ulusi n'kuudula mothandizana ndi kamkanda ka nambala 159. Zidutswa zimagwa, kampata kamatseguka, mkanda wina umalowa. Papayini mmodzi amadula kambirimbiri osabuntha. Ichi n'chifukwa chake utomoni wochepa umakwanira nyama yambiri, ndiponso n'chifukwa chake ntchitoyo siima yokha mpaka wina aiimitse.

Maenzayimu ena ndi osankha kwambiri, amadula pamalo amodzi okha. Papayini sasankha kwenikweni. Amadula mnofu, amadula kolajeni, amadulanso mapuloteni a pakhungu la munthu. Kusasankhaku n'kumene kunamupatsa msika. Dzina lake linaperekedwa mu 1879 ndi akatswiri awiri a ku France, Wurtz ndi Bouchut, ngakhale kuti anthu a ku Mexico ndi ku Central America, kwawo kwenikweni kwa papaya, anali atayamba kalekale kukulunga nyama m'masamba ake. Mu 1959 Rodney Porter wa ku Britain anagwiritsa ntchito papayini kudula mapuloteni a chitetezo cha m'thupi m'zidutswa zitatu, ndipo zimenezi zinathandiza kudziwa mmene anapangidwira. Analandira nazo mphoto ya Nobel mu 1972. Makampani ofulula mowa amagwiritsanso ntchito papayini kuti mowa wa m'botolo usachite mbuu ukazizira.

Ku Tanzania, ku Uganda ndi kum'mawa kwa Congo, alimi akhala akulima mapapaya cholinga chili utomoni basi. Amalawirira m'mawa, kucheka timizere tosazama pa chipatso chili mumtengo momwemo, kutchera madonthowo, n'kukawaumitsa. Mpeni wake umayenera kukhala wachitsulo chosachita dzimbiri, chifukwa chitsulo wamba ndi kopa zimawononga salifa uja wa pakamkanda ka 25, ndipo zikatero papayini, yemwe ali ngati lumo, watha ntchito.

Kilo imodzi ya mbuzi

Tiyeni tione pa nyama yeniyeni, chifukwa apa m'pamene khalidwe la papayini limaonekera bwino. Tinene kuti mwagula kilo imodzi ya mbuzi yokhwima ndipo mukufuna kuotcha kanyenya.

Sankhani papaya lobiriwira ndithu, lolimba ngati mwala, lomwe mkati mwake ndi moyera ndipo nthangala zikadali zoyera. Mphamvu yambiri ili pakhungu ndi pansi pa khungu pomwepo, ndiye musasende. Palani kachidutswa ndi khungu lomwe mpaka mupeze masupuni aakulu awiri, kenako sinjani kuti zikhale ngati phala. Pa kilo imodzi zimenezi zakwana.

Nyamayo iduleni nthuli zing'onozing'ono, ndipo muibayebaye ndi foloko. Pali chifukwa chake. Papayini ndi wamkulu poyerekeza ndi mchere, ndiye salowerera mkati mwa mnofu, amangogwira mamilimita ochepa a pamwamba. Nthuli ikakhala yaikulu ngati chibakera, kunja kumafewa mkati muli gwa. Pakani bwino, vindikirani, ndipo dikirani ola limodzi kapena awiri pamalo ozizira.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti ntchito yaikulu sichitika pa nthawi yodikirayi. M'firiji papayini amakhala ngati wagona. Pa kutentha kwa m'nyumba amagwira pang'onopang'ono. Amachangamuka zenizeni nyama ikayamba kutenthedwa, pa madigiri a pakati pa 60 ndi 70, kutentha kumene dzanja silingapirire koma madzi asanawire. Pa kutentha komweko zingwe za kolajeni zimayamba kumasuka, ndiye lumo limapeza polowera. Kutentha kukapitirira madigiri 80, mkanda wa papayini umayamba kutambasuka, kampata kaja kamaphwasuka, ndipo madzi akawira, basi zake zatha. Sadzukanso ngakhale nyamayo izizire, monga momwe dzira lowiritsa silibwereranso kukhala laliwisi. Ndi nkhani yomwe ija ya chimera pa phala lotentha.

Izi zikutanthauza kuti amene waponya nthuli zopaka papaya m'mafuta owira a pachiwaya wapha papayini asanagwire ntchito yambiri. Amene wayamba ndi moto wochepa n'kumaonjezera pang'onopang'ono wamupatsa nthawi. Koma nthawiyo ikachuluka palinso vuto.

Ine ndinazionera ndekha. Tsiku lina ndinkayembekezera alendo, ndipo poganiza kuti kuchulutsa n'kwabwino, ndinapala theka lonse la papaya pa nyama yosakwana makilo awiri, n'kuisiya usiku wonse. M'mawa nyamayo inali yotuwa ndi yoterera. Pa makala inkakanirira pa waya, ndikati nditembenuze inkanyenyeka. Mkamwa kunja kwake kunali ngati chiwindi chophikitsa, kopanda ulusi woti mano agwire, kakuwawa pang'ono kakumveka kukhosi, koma pakatikati pa nthuli zikuluzikulu panali polimbabe. Kuwawako kumachokera ku utomoni wochuluka komanso ku tizidutswa tating'ono kwambiri ta mapuloteni, timene mwachibadwa timawawa. Mukaona nyama yaiwisi yayamba kutuwa ndi kuterera, chala chikusiya dzenje mukadina, itsukeni msanga n'kuiika pamoto. Nsomba ndi nkhuku yoyera musazipake n'komwe, zilibe kolajeni wokwanira kupirira.

Masamba amagwiranso ntchito, koma mofatsa. Amafunika kuwafikisa kapena kuwapondaponda kaye kuti utomoni utuluke, apo ayi mwangokulunga nyama m'tsamba wamba.

Tsono matumbo a mlamu uja

Funso lake linali lakuti ngati utomoniwu umadya nyama, ungaleke bwanji kudya ife. Pali zinthu zitatu zimene zimatchinga, ndipo choyamba tachiona kale. Papaya laliwisi lophika, kaya ndi ndiwo zotendera kaya ndi zosakaniza ndi nyama, lilibenso papayini wamoyo. Ngakhale ku Dedza, komwe chifukwa cha kukwera kwa malo madzi amawira pa madigiri pafupifupi 95, kutenthako n'kokwana. Chotsala mumphika ndi ndiwo ngati mphonda kapena maungu anthete, ndipo papayini wakufayo thupi limangomugaya ngati puloteni ina iliyonse. Tambala wa azakhali uja, atabwata maola awiri, analibe choopsa chilichonse cha mtundu umenewu.

Chachiwiri ndi mmene mimba inapangidwira. Chifu chathu chimatulutsa enzayimu yakeyake yodula mapuloteni, yotchedwa pepusini, ndipo kapamba amatulutsanso ena amphamvu. Tikanakhala opanda chitetezo, bwenzi titadzigaya tokha kalekale. Mkati mwa chifu ndi matumbo muli chinthu choterera ngati mamina chimene chimakuta khoma lonse, ndipo khungu la m'katimo limasinthidwa pa masiku ochepa okha. Nyama ya pambale ilibe zonsezi, ndi yakufa, singadzikonze.

Chachitatu ndi asidi. Papayini amakonda malo osawawasa kwambiri. Asidi wa m'chifu ndi waukali moti amamufooketsa ndithu, makamaka m'mimba mukakhala mulibe chakudya chambiri.

N'chifukwa chake m'maiko ena papaya losapsa amadya osaphika n'komwe. Ku Thailand ndi ku Laos amalisenda, kulichekacheka ngati tiulusi, n'kulisinja pang'ono mumtondo pamodzi ndi tsabola, mandimu ndi mtedza, ndipo ndi chakudya cha tsiku ndi tsiku. Taonani kuti amasenda ndi kutsuka. Utomoni wambiri umapita ndi makoko.

Komabe mlamu uja sanalakwitse kotheratu. Mbali za thupi zimene zilibe chitetezo chokwanira zimapsa ndithu. Milomo ndi lilime zimanyerenyetsa ngati mwadya chinanazi chosapsa, chomwenso chili ndi enzayimu yofanana ndi papayini. Ana amene amathyola mapapaya ndi manja amatuluka zidzolo, nthawi zina matuza, pamene utomoni wakhalitsa pakhungu. Ukalowa m'maso ndi nkhani ina, tsukani ndi madzi ambiri oyera kwa mphindi zingapo, ndipo ululu kapena kusaona bwino zikapitirira pitani kuchipatala. Kum'mero nakonso n'kosatetezeka ngati chifu. Kale madokotala ankamwetsa papayini munthu amene nthuli yamutsamwa kuti isungunuke, koma anasiya ataona kuti mwa odwala ena papayiniyo ankaboola m'mero momwemo. Choncho kumwa utomoni weniweni, monga ena amachitira pofuna kupha njoka za m'mimba, n'kosiyana kutalitali ndi kudya ndiwo za papaya.

Mayi woyembekezera

Apa m'pamene azakhali anasamala, ndipo si iwo okha. Ku India ndi ku Sri Lanka anthu akhala akukhulupirira kuyambira kale kuti papaya losapsa limachititsa kupita padera. Mu 2002 ofufuza a ku Singapore anayesa zimenezi pa makoswe. Makoswe a bere amene ankadya papaya lakupsa anabereka bwinobwino, osasiyana ndi anzawo. Koma atathira utomoni wauwisi pa minofu ya chiberekero cha khoswe, minofuyo inayamba kukokana mwamphamvu, mofanana ndi mmene imachitira ndi okisitosini, mankhwala amene azamba amagwiritsa ntchito poyambitsa kapena kulimbikitsa matenda a kubereka.

Zotsatirazi zimafunika kuziwerenga mosamala mbali zonse. Anali makoswe, osati anthu, ndipo utomoniwo unathiridwa mwachindunji pa chiberekero m'mbale ya mulabotale, osadutsa m'chifu. Palibe amene angayese zotere pa amayi apakati, ndiye umboni wa pa anthu ndi wochepa. Amene amanena kuti kachidutswa kamodzi kamachotsa mimba akukokomeza. Amene amanena kuti ndi nthano chabe za agogo akunyalanyaza zimene zinaoneka pa makoswewo. Malangizo amene ofufuzawo anapereka ndi akuti lakupsa bwino ndi labwino, koma losapsa ndi longoyamba kupsa mayi woyembekezera alipewe.

Mawu akuti longoyamba kupsa ndi ofunika, chifukwa ndi limene timakonda kuthyola pothawa mbalame ndi ana a anansi. Kunja lili ndi mizere yachikasu, mkati layamba kufiira, koma n'lolimbabe. Kuyesa kwake n'kosavuta. Kandani khungu pafupi ndi phata. Pakatuluka mkaka, lisiyeni masiku angapo.

Nanga lophika? Moto umaphadi papayini, ndipo m'maiko ngati Philippines msuzi wa nkhuku wophikira papaya lobiriwira ndi chakudya chodziwika cha amayi oyamwitsa. Koma kuyamwitsa ndi kuyembekezera n'zosiyana, ndipo utomoni uli ndi zinthu zina kupatula maenzayimu. Kuona kwanga, poti nkhwani, chisoso ndi mpiru zilipo, miyezi isanu ndi inayi si yaitali kuti munthu adikire. Mayi amene wadya kale mosadziwa asade nkhawa, koma akaona magazi kapena kupweteka kwa m'chinena athamangire kuchipatala, monga momwe angachitire pa chifukwa china chilichonse. Ndipo wina asaganize kuti utomoniwu ndi njira yolerera kapena yochotsera mimba. Mlingo wake sudziwika, ndipo ukhoza kungosiya zilonda ndi kutaya magazi.

Ena ofunika kusamala

Pali anthu amene thupi lawo limadana ndi papayini. Kawirikawiri ndi omwewo amene amatupa kapena kuyabwa akavala magolovesi a labala, ndipo ena amavutikanso ndi mapeyala ndi nthochi, chifukwa zomerazi zili ndi mapuloteni ofanana amene chitetezo cha thupi chimawasokoneza. Zizindikiro zake ndi kuyabwa mkamwa, kutupa milomo, zidzolo thupi lonse, ndipo zikafika poipa, kubanika. Kwa munthu wotere ngakhale kuphika si chitsimikizo chokwanira, chifukwa thupi likhoza kuzindikirabe zidutswa za puloteniyo ngakhale lumo litafa. Ogwira ntchito m'mafakitale a ufa wa papayini ena amadwala mphumu chifukwa chopuma fumbi lake. Mu 2008 bungwe la ku America loona za zakudya ndi mankhwala, FDA, linalamula kuti mafuta opaka pazilonda okhala ndi papayini, omwe anali asanavomerezedwe, achotsedwe pamsika, litalandira malipoti a anthu amene matupi awo anadana nawo moopsa.

Amene amamwa wafarini, mankhwala oletsa magazi kuundana, afunse dokotala asanayambe kumwa mankhwala aliwonse opangidwa kuchokera ku papaya, chifukwa pali malipoti akuti amaonjezera mphamvu ya wafariniyo.

Kwa ena tonse, kakonzedwe kake n'kachidule. Dulani kumutu ndi kumunsi, chekani timizere pakhungu, liimikeni m'beseni kwa mphindi khumi kuti mkaka udonthe. Sendani muli m'madzi kapena mutavala pepala lapulasitiki m'manja ngati khungu lanu silichedwa kuyabwa. Chotsani nthangala ndi kakhungu koyera ka mkati, dulani tizidutswa, viikani m'madzi amchere kanthawi, n'kutaya madziwo. Wiritsani mpaka tizidutswato titasiya kuyera n'kuyamba kuonekera ngati galasi, zomwe zimatenga mphindi 15 kapena 20, kenako thirani tomato, anyezi ndi nsinjiro. Mukalawa n'kumva kunyerenyetsa palilime, ndiye kuti sizinapse, bwezerani pamoto.